Sikana si mfiti, ndi kiyibodi chabe

Mlamu wanga ali ndi kashopu ku Chawama. Atagula sikana ya bakodi, mnyamata wina anafuna ndalama zakuti aikonze kuti iyambe kusewenza. Ine nikuti, musalipire abale.

Sikana wamba ya USB mukailumikiza, kompyuta imaiona ngati kiyibodi, ndiye chifukwa chake siifuna pulogalamu yapadera. Nchito yake ndi kutaipa manambala ali pansi pa timizere tija, mofulumira kuposa zala zanu.

Yesani nokha. Tsegulani Notepad, musikane botolo la saladi. Manambala 13 akaonekera, kamzere kothwanima nkutsikira pansi, vonse vili bwino. Kakapanda kutsika, sikanani bakodi yoyatsa Enter m'kabuku kobwera ndi sikanayo.

Manje chenjerani: kiyibodi imalemba pomwe pali kamzere kothwanima. Mlamu anakasiya m'bokosi la kuchuluka kwa katundu, kompyuta nkuwerengera kasitomala mabotolo amene minibasi zonse za pa Kulima Tower sizinganyamule. Anakalipira mtsikana wogulitsa, osalakwa.

Ndiponso sikana sidziwa mtengo. Dzina la katundu ndi mtengo wake, mulowetse nokha m'kompyuta. Mukalakwitsa pamenepo, shoti ni yanu.