Foni yaudongo ndi imene chala chimaidziwa

Anyamata okonza mafoni kuno ku Mpadue ali ndi ntchito ina imene saigwira ndi sikuludiraiva. Munthu amabwera ndi Tecno, itel kapena Infinix yake, n'kunena kuti, "Achimwene, ndichotsereni zinyalalazi, ndikufuna ioneke ngati ya mnzanga uja." Mnyamatayo amaika lonchala ina, amasankha zizindikiro zoyera zokhazokha pa chithunzi chakuda, mwini foni n'kuchoka akumwetulira. Kukongola imakongoladi. Koma mukaima naye pa dzuwa la mu Okutobala, pamene kutentha kuno ku Tete kumapitirira madigiri 40, mudzamuona akuphimba sikirini ndi dzanja, akufunafuna M-Pesa pakati pa tizithunzi tofanana tokhatokha. Ine ndimati foni yotereyi yavala bwino, koma sinayere.

Tiyambe ndi lonchalayo. Ndi pulogalamu ngati ina iliyonse, kungoti ntchito yake ndi kujambula tsamba loyamba limene mumaona mukatsegula foni, ndiponso ndandanda ya mapulogalamu onse. Ili ngati benchi ya pamsika: katundu ali m'matumba kumbuyo, benchi imangoonetsa amene mwayala. Tecno imabwera ndi ya HiOS, Infinix ndi ya XOS, Samsung ndi One UI Home. Mukaika ina, yakaleyo siichoka ayi, imangokhala pambali. Zithunzi zanu, manambala ndi mauthenga a pa WhatsApp sizikhudzidwa. Posankha yoti izilamulira mumapita ku `Settings > Apps > Default apps > Home app`, ngakhale kuti mayinawa amasinthako malinga ndi foni, ndipo pa foni ya Chipwitikizi poyambira pake pamalembedwa `Definições` kapena `Configurações`. Njira imeneyi muisunge, chifukwa ndi yomweyo yobwererera zikakukanikani.

Pachifukwa chomwechi, lonchala yatsopano siichiritsa chilichonse chimene chili m'matumba muja. Pulogalamu imene mwaibisa ikadalipo, ikudyabe mamega ndi batire, ndipo ngati ndi imene imakutumizirani zotsatsa malonda, izitumizabe. Imeneyo muichotse, ikakana muikanize ndi `Disable`, kapena muitsekere mauthenga ku `Notifications`.

Alamu anga amayendetsa njinga yamoto yonyamula anthu. Tsiku lonse amakhala pamsewu, nthawi zina amaoloka Zambezi pa mlatho wa Kassuende kupita ku Benga ndi ku Moatize. Foni amaigwira ndi dzanja limodzi, chala chili ndi thukuta, galasi loteteza sikirini lili ndi mng'alu pakona. Atandipatsa kuti ndiwakonzere, sindinayambire pa zokongoletsa. Ndinawafunsa kuti, "Alamu, kuyambira m'mawa mwatsegula chiyani?" Anawerenga pa zala: kuimba foni, WhatsApp, mameseji, M-Pesa, e-Mola, mapu, nyimbo, kamera. Zonse 8. Koma tsamba lawo loyamba linali ndi masamba anzake angapo kumanja, odzaza ndi magemu amene ana anaika ndi zina zimene zinabwera ndi foni.

Apa ndi pamene kukula kwa giridi kumalowa. Giridi ndi mizere yosaoneka imene imagawa sikirini m'timabokosi, ndipo imalembedwa ngati 4x5 kapena 5x6. Malonchala ena amayamba ndi nambala ya zizindikiro za m'mbali, ena ya zotsika, choncho yang'anani chithunzi chimene akukuonetsani musanavomere. Foni ya mainchesi 6.6, monga zambiri za masiku ano, sikirini yake m'mbali mwake ndi pafupifupi masentimita 7. Mukaika zizindikiro 4 pamzere, chilichonse chimapeza malo a masentimita 1.7. Mukaika 5 amatsika kufika pa 1.4, ndipo mukaika 6 amangopitirira sentimita imodzi pang'ono. A Google amalangiza opanga mapulogalamu kuti chinthu chodinidwa ndi chala chisachepere mamilimita pafupifupi 9. Ndiye kuti pa 6 mwafika kale m'malire, ndipo dzina la pansi pa chizindikiro limayamba kudulidwa. Kwa mwana wasukulu wa maso akuthwa, wokhala pamthunzi, 5 ndi bwino. Kwa alamu ndinasankha 4 m'mbali ndi 5 kutsika.

Timabokosi 20 timeneti sitinatidzaze. Mzere wa pansi penipeni, umene susuntha mukamatembenuza masamba, umene amaulemba `Dock`, tinaikapo kuimba foni, mameseji, WhatsApp ndi kamera. Kuimba foni kuyenera kukhala pamenepo ngakhale kwa munthu wosakonda kuimba, chifukwa ambiri kuno ndalama timatumiza ndi `*150#` kapena `*898#`, mamega akatha. Pamwamba pa mzerewo tinaika zinayi zotsala zija. Kumtunda konse tinangosiya wotchi yaikulu. Chala chachikulu sichifika kumtunda kwa foni yaitali popanda kuisuntha m'dzanja, ndipo mafoni ambiri amagwa pa kusunthako. Masamba ena onse tinafufuta. Zotsalazo sizinatayike, zili m'ndandanda ya mapulogalamu. Chomaliza, tinazimitsa `Add new apps to Home screen`, apo ayi pakatha mwezi zinyalala zija zikanabweranso zokha.

Zonsezi, dziwani, tikanatha kuchita ndi lonchala yobwera ndi foni, pakuti zambiri zimalola kusintha giridi mukadina ndi kugwira pamalo opanda kanthu. Lonchala yachilendo imafunika mukafuna zizindikiro zina ndi majesichala, kutanthauza zochita za chala zimene zimalowa m'malo mwa batani.

Kwa zaka zambiri dzina lomveka linali Nova Launcher. Mu 2022 inagulidwa ndi kampani ya Branch, ndipo mu 2025 amene anaiyambitsa, Kevin Barry, anachokako. Majesichala ake ambiri ali mu Nova Launcher Prime, yolipira. Ine masiku ano ndimalozera anthu ku Lawnchair, yaulere, imene khodi yake ndi yoonekera kwa aliyense, ndipo ili ndi giridi, zizindikiro ndi majesichala okwanira munthu wamba. Niagara Launcher ndi ya mtundu wina, ilibe giridi n'komwe, imangondandalika mayina kutsika. Ena amaikonda, agogo anu siingawasangalatse.

Za zizindikiro pali chinthu chimene ozikonda safotokoza. Paketi ya zizindikiro, monga Whicons ya zoyera zokhazokha kapena Arcticons ya timizere topyapyala, ili ndi ndandanda mkati mwake yonena kuti pulogalamu yakutiyakuti ipatsidwe chithunzi chakutichakuti. Wojambula amayamba ndi mapulogalamu odziwika dziko lonse: WhatsApp, Facebook, YouTube. Athu akuno, a banki, a ndalama za pafoni, a wailesi, kawirikawiri sapezekamo. Zikatero chizindikiro chakale chimatsala chokha pakati pa zachilendo, kapena chimapanikizidwa m'kabokosi kosachiyenera. Mukhoza kudina ndi kugwira chizindikirocho, n'kusankhira china pamanja, koma taganizani: mwapatsa M-Pesa chithunzi cha chikwama choyera, e-Mola chithunzi cha ndalama yoyera. Kale diso linkangodziwa kuti chofiira ndi cha Vodacom, cha mtundu wa lalanje ndi cha Movitel, osawerenga n'komwe. Tsopano mukuwerenga, kasitomala akudikira.

N'chifukwa chake kwa alamu sindinaike paketi ya mtundu umodzi. Mitundu tinaisiya, tinangosintha kuti zizindikiro zonse zikhale zozungulira mofanana. Zimenezi zimatheka kuyambira pa Android 8 ya mu 2017, ndipo pazokha zimachotsa chipwirikiti chambiri chimene maso amadandaula nacho. Android 13 inabweretsa `Themed icons`, zotengera mtundu wa chithunzi cha kumbuyo, koma vuto lake ndi lomwe lija la kufanana. Chithunzi cha kumbuyocho, tinene modutsa, chikhale chakuda bii kapena cha mtundu umodzi. Chithunzi cha ukwati ndi chabwino, koma malo ake ndi pa sikirini yokhoma, pomwe palibe zolemba zoti zisochere mu diresi.

Majesichala ndinawapatsa atatu okha. Kukokera chala m'mwamba kumatsegula ndandanda ya mapulogalamu. Kukokera pansi, paliponse pa tsambalo, kumatsitsa mauthenga, kotero safunikanso kutambasula chala kufika kumtunda. Kugogoda kawiri pamalo opanda kanthu kumakhoma foni, zimene zimapulumutsa batani la m'mbali, lomwe pa mafoni okalamba limayamba kufa msanga. A zala ziwiri, a kutsina ndi a kujambula zilembo ndinawasiya. Jesichala ilibe dzina lolembedwa pa sikirini, ndiye imene simuigwiritsa tsiku lililonse mumaiiwala, kenako imangochitika mwangozi foni ili m'manja mwa mwana.

Kugogoda kawiri kuja kumafuna chilolezo, ndipo apa tcherani khutu. Njira ndi ziwiri. Yakale ndi `Device admin`: imakhomadi foni, koma potsegula chidindo cha chala chimakana, foni imafuna PIN, ndipo lonchalayo siichotseka mpaka mutaichotsera udindowo. Yatsopano, yochokera pa Android 9, ndi `Accessibility`, imene ilibe mavuto amenewa. Koma chilolezo chimenechi ndi champhamvu, chimatha kulola pulogalamu kuona zimene zili pa sikirini, ngakhale pamene mukutumiza ndalama. Lonchala imene mnzanu wakuponyerani pa Xender, ati ndi yolipira koma "yothyola", musaipatse chilolezo chimenechi, ndipo ndibwino osaiika n'komwe. Mamega ochepa otsitsira ku Play Store ndi otchipa kuposa zimene zili mu akaunti yanu.

Pali zinthu ziwiri zosonyeza kuti foni ndi lonchala sizikugwirizana. Choyamba, mukatuluka mu pulogalamu, tsamba loyamba limakhala lopanda kanthu kwa kamphindi, kenako tizithunzi n'kumabwera kamodzikamodzi. Ndiye kuti foni inapha lonchalayo pofuna malo mu memore kapena posunga batire. Pitani ku `Battery` ya lonchalayo musankhe `Unrestricted`, ndipo ngati muli ndi pulogalamu yoyeretsa foni, muiuze kuti imeneyi isamaikhudze. Zikapitirira, makamaka pa foni ya memore ya 2 GB, bwererani ku lonchala yobwera nayo; yachilendo ikungowonjezera katundu, popeza yakale ija siichoka. Chachiwiri, kukokera chala kuchokera pansi kuti mubwerere ku tsamba loyamba kumachita chibwibwi, kapena kudina koyamba sikumveka. Kuyambira pa Android 10 kayendedwe kameneka kanamangiriridwa ku lonchala ya wopanga foni, ndipo mafoni ambiri a Xiaomi amangokubwezerani ku mabatani atatu mukaika yachilendo. Mabatani atatuwo si manyazi. Alamu anawasankha okha, ati chala cha thukuta chimadina bwino kuposa kukoka.

Zonse zikakhala m'malo, yatsani `Lock Home screen` ngati ilipo, kuti zizindikiro zisamasunthe, ndipo sungani makonzedwewo ndi `Backup` ya lonchalayo. Kenako tulukani panja masana, muime pa dzuwa, mugwire foni ndi dzanja limodzi, mutsegule e-Mola. Ngati mwaima kufunafuna, kulitsani zizindikiro kapena chotsanipo china pa mzerewo.