Ngongole ya nyumba tiziyezera pa mwezi woipa, osati pa Disembala

Anzathu apamsewu, ambiri a ife tikamalota zotenga ngongole ya nyumba timayang'ana ndalama zimene zimadutsa mu akaunti. Sitetimenti ikaonetsa mamiliyoni, mtima umakhala m'malo. Koma zambiri mwa ndalama zimenezo ndi mpamba, zikubwerera ku Joni kapena ku Dar ulendo wamawa. Zathu ndi zimene zatsala tikachotsa mtengo woodera katundu, thiransipoti, msonkho wa MRA, malo ogona ndi mtengo weniweni umene tagulira randi.

Phindu lakenso silifanana chaka chonse. Disembala amakoma, koma Januwale ndi Febuluwale makasitomala amakhala ali pa fizi ndi feteleza, pomwe banki imadula ndalama yofanana mwezi uliwonse. N'chifukwa chake ife tikuti munthu atsegule kope lake la chaka chathachi, asankhe miyezi itatu yoipitsitsa, awerengere pamenepo. Madalaivala nawonso awerengere pa malipiro okhazikika okha. Ma alawansi a ulendo amaima tsiku limene thiraki yaima.

Tiyerekeze mayi wogulitsa zovala amene phindu lake pa avereji ndi K1,800,000 pamwezi, koma m'miyezi yoipa limatsika kufika K1,200,000. Maganizo athu ndi akuti ngongole zonse pamodzi zisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu la mwezi woipa, ndiye kwa mayiyu malire ndi K400,000. Ali kale ndi K80,000 ya banki mkhonde ndi K70,000 yotsala pa galimoto. Zimenezi zichotsedwe kaye, ngakhale banki singazione papepala. Katundu wotenga pangongole kwa mnzathu awerengedwenso. Chotsalira nyumba ndi K250,000 pamwezi.

Ndiye K250,000 ingabweze ngongole yochuluka bwanji? Pa chiwongoladzanja cha 25 peresenti pachaka kwa zaka 15, miliyoni iliyonse imene tabwereka imadya pafupifupi K21,400 pamwezi. Koma chiwongoladzanja cha ngongole zambiri chimasuntha, banki ikakweza nafenso timakwezedwa tili m'kati mobweza. Choncho tiyesere pa 30 peresenti, pamene miliyoni imadya pafupifupi K25,300. Tikagawa K250,000 ndi K25,300 tikupeza pafupifupi K10 miliyoni. Ngongole ya mayiyu ndi imeneyo. Pa 25 peresenti azilipira K214,000, ndipo chiwongoladzanja chikakwera sagwa nacho.

Akanawerengera pa avereji, n'kuiwala ngongole zina zija, akanati angathe K600,000 pamwezi, n'kusainira K28 miliyoni. Febuluwale akafika, pa K1,200,000 pachoke K600,000 ndi K150,000, patsale K450,000 ya chakudya, fizi, magetsi ndi lendi ngati nyumbayo sinathe. Pamenepo munthu amayamba kubweza ngongole ndi mpamba. Chizindikiro chake sichibisika: ulendo uliwonse zikwama zimachepa, kenako tikubwereka katapila kuti tilipire msonkho pa Mwanza kapena pa Songwe.

Wina anena kuti tingotalikitsa zaka kuti malipiro achepe. Pa chiwongoladzanja chokwera chonchi sizithandiza kwenikweni. Pa zaka 20, miliyoni imadya pafupifupi K21,000 pamwezi. Tapulumutsa K400 yokha, n'kudziwonjezera zaka zisanu zathunthu. Ndipo ngakhale pa zaka 15 zomwezo, K10 miliyoni ija tidzabweza yoposa K38 miliyoni.

Ife amalonda a kunja tili ndi vuto linanso limene wapatikiti saliona msanga. Timagula ndi randi kapena dola, n'kugulitsa ndi kwacha. Kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpamba womwewo sunathenso kudzaza zikwama zomwezo, pomwe tsiku lodula ngongole silinasunthe. Ndiye tisanasaine, pakhale ndalama yobwezera miyezi itatu yosungidwa payokha, kwa mayi uja K650,000 kapena kuposerapo, yosakhudzana ndi mpamba. Tifunsenso ku banki, atilembere papepala, mtengo wa inshuwalansi, wa loya, wa woyeza mtengo wa nyumba ndi gawo limene akufuna tiyambe taika tokha. Zimenezi zikachokera mu mpamba, phindu limene tinawerengera lija latsika kale tisanalandire makiyi.

Tikudziwa kuti K10 miliyoni singagule nyumba ku Lilongwe kapena ku Blantyre masiku ano, ndipo ena akwiya nazo. Koma kwa amene ali ndi puloti ya mapepala ndipo wakweza kale zipupa ndi phindu la miyezi yabwino, ndalama imeneyi ingathandize pa denga, mawindo ndi zitseko, n'kulowamo. Lendi imene ankalipira ija ndi imene ingayambe kuthandiza kubweza ngongoleyo, ndipo pulasitala ndi matailosi zidikire Disembala.