Giredi 2 ya MSCE ingakugwetseni ku Russia

Kuyambira chaka cha 2023, boma la Russia lidakweza malo ophunzira ulere a ophunzira akunja kufika pa 30,000 pachaka, ndipo ana a kuno kwathu nawo amayesa mwayiwu. Koma makolo ambiri amalimbana ndi pasipoti ndi ndalama ya ndege, n'kuiwala pepala limene lingawononge zonse: satifiketi ya MSCE yomasuliridwa m'Chirasha.

Nkhani yagona pa manambala. Pa MSCE, nambala yaing'ono ndiyo yapamwamba: 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 n'kungokhoza, pamene 9 n'kulephera. Ku Russia zimayenda chafutambuyo. Kumeneko 5 ndiye katswiri, 4 wakhoza bwino, 3 wangodutsa, ndipo 2 walephera.

Tiyerekeze mtsikana amene wapeza 2 pa masamu, 2 pa bayoloje, 3 pa kemisitire, 3 pa fizikisi, 4 pa Chingerezi ndi 5 pa jogalafe. Kuno ameneyu ali ndi mapointi 19 ndipo m'mudzi mumveka nthungululu. Koma mlembi wa ku Moscow woona manambala okhawo aganiza kuti mwanayu adalakwa masamu ndi bayoloje, ndipo amangodziwa jogalafe.

Ena pothawa vutoli amanyengerera womasulira kuti asinthiretu 2 akhale 5. Uku n'kudzikumbira dzenje. Ntchito ya womasulira n'kulemba zimene zili papepala basi, ndipo manambala akasiyana ndi a pa satifiketi yeniyeni, pepalalo limaoneka ngati lachinyengo. Chofunika n'chakuti pamapepala pakhale chikalata chochokera ku Maneb kapena kusukulu chofotokoza tanthauzo la giredi iliyonse, nachonso chimasuliridwe. Pamenepo woweruza aona yekha kuti 2 wathu akufanana ndi 5 wawo. Mawu omaliza pa kufananitsaku ndi a yunivesite yolandira mwanayo kapena bungwe la boma loona zamaphunziro la Rosobrnadzor.

Ndondomeko nayo ndi yofunika. Malawi ndi Russia onse ali m'pangano la ku Hague la 1961, choncho satifiketi imayamba yadindidwa chidindo chotsimikiza kuti ndi yeniyeni, chotchedwa apositilo. Kumasulira kumabwera pambuyo, chifukwa mawu a pachidindocho nawonso amayenera kumasuliridwa, kenako loya wovomereza zikalata amatsimikiza siginecha ya womasulira. Amene wayamba ndi kumasulira amalipira kawiri.

Pomaliza, yang'anitsitsani dzina. Zilembo za Chirasha zilibe "w", moti Mwale angalembedwe momveka ngati Mvale pa viza koma Muale pa satifiketi. Kwa mlembi amenewa ndi anthu awiri. Mupatseni womasulira dzinalo monga lalembedwera pa pasipoti yomasuliridwa kapena pa viza, ndipo likhale chimodzimodzi papepala lililonse mwana asadakwere ndege.