Khadi lisamakokedwe ndi dzanja, koma `Fixes` si mawu oseweretsa

Ndine wophunzira zilankhulo ndi zolemba, sindine wa makompyuta. Ndinalowa m'gulu la anthu asanu lopanga webusayiti ya nthano zimene tinajambula kwa agogo athu chifukwa pankafunika munthu wotayipa ndi kukonza kalembedwe. Mkangano umene ndikufuna kulowererapo unabuka m'gulu lomwelo, ndipo ndikuona kuti mbali zonse ziwiri zikulakwa, ngakhale kuti ina ikulakwa kwambiri.

Ntchito yathu ili pa GitHub. Chochita chilichonse timachilemba ngati `issue`, ndipo chimapatsidwa nambala. Pa bolodi la gulu chimaoneka ngati khadi limene limayenda kuchokera pa `Todo`, kudzera pa `In Progress`, mpaka pa `Done`. Wolemba khodi akasintha kanthu amasunga kusinthako ngati `commit`, kenako amatsegula `pull request`, lomwe ndi pempho loti zimene wachita ziphatikizidwe ku nthambi yaikulu, ya `main`. Akalemba mzere uwu m'mafotokozedwe a pempholo, nkhani yatha:

```
Fixes #14
```

Pempholo likangophatikizidwa, nambala 14 imatsekeka yokha, ndipo bolodi limasunthira khadi pa `Done` popanda wolikhudza.

Nambala 14 ndinalemba ndine. Munthu akasaka mawu oti "awiri" pa webusayiti yathu, nthano zimene zinatayipidwa kuti "aŵiri" sizinkatuluka. Mnzathu wina anaitenga, n'kukonza kuti posaka ŵ aziwerengedwa ngati w. Koma ali mkati anapeza chinthu chimene ine sindinkachidziwa: ŵ amalembeka m'njira ziwiri pa kompyuta. Pali ŵ wa chilembo chimodzi, `U+0175`, ndiye pali w wamba wotsatiridwa ndi kachipewa koima pakokha, `U+0302`. Ndi maso sungawasiyanitse. Nthano zathu zinatayipidwa pa mafoni ndi malaputopu osiyanasiyana, choncho zinali ndi mitundu yonse iwiri. Iye anakonza woyamba yekha, ndipo pokhala munthu woona mtima anavomereza m'pempho lake:

```
This does not fix #14 yet, only the single-character case.
```

GitHub sadziwa kukana. Anaona `fix` kutsogolo kwa `#14`, basi. Mawu oti `not` anangowadumpha. Pempho linaphatikizidwa, nambala 14 inatsekeka, khadi linakakhala pa `Done`, ndipo ine ndinasiya kuganiza za ŵ. Tinazindikira patapita masabata awiri, tikuonetsa ntchitoyo kwa aphunzitsi, pamene nthano ya agogo anga omwe inakana kutuluka.

Madzulo omwewo awiri mwa anzanga ananena kuti tizimitse zonsezi, aliyense azikoka yekha khadi lake akamaliza. Amenewa ndi amene ndikulimbana nawo. Tinayambira komweko, ndipo ndikukumbukira mmene bolodi linkaonekera. Makadi ankasuntha Lachinayi usiku, msonkhano wa Lachisanu utayandikira, onse nthawi imodzi ngati ophunzira othamangira kusaina kaundula wa kalasi imene sanalowe. Khadi lina linakhala pa `In Progress` mwezi wathunthu ntchito itatha kalekale, moti munthu wina anayamba kuichitanso. Lina linafika pa `Done` chifukwa mwini wake anali atamaliza "m'mutu". Bolodi lokokedwa ndi dzanja limanena zimene munthu akufuna kuti anzake amuganizire, ndipo ukalikayikira palibe poti n'kufufuza.

Taonani kusiyana kwake ndi tsoka la nambala 14. Nditaitsegula, mbiri yonse inali pompo: inatsekedwa ndi pempho liti, tsiku liti, mizere iti ya khodi imene inasintha, ndi chiganizo chimene chinayambitsa zonse. Sizinatitengere mphindi khumi kudziwa chimene chinachitika. Bolodi linanama, inde, koma linasiya mapazi. Bodza la khadi lokokedwa ndi dzanja silisiya kalikonse, umangotsala ndi "ndimayesa ndinakuuzani".

Komabe a mbali inayo, amene amaona `Done` n'kupumira m'mwamba, nawonso ndili nawo mawu. M'kalasi tinawerenga J. L. Austin, amene m'buku lake la 1962, How to Do Things with Words, anasonyeza kuti mawu ena sangofotokoza chinthu koma amachichita, monga kulonjeza kapena kutcha mwana dzina. `Fixes #14` ndi mawu a mtundu umenewo, ndi chigamulo. Mawu otere alipo asanu ndi anayi okha: `close`, `fix` ndi `resolve`, aliwonse m'maonekedwe atatu, monga `fix`, `fixes`, `fixed`. Anzanga amawalemba mwachizolowezi ngati moni, pamene akanatha kungotchula nambala. Ukalemba `Refs #14` kapena `Part of #14`, GitHub amaonetsa pa nambala 14 kuti yatchulidwa kwinakwake koma saitseka. Ngakhale utalemba m'Chichewa kuti "ndakonzako pang'ono #14", zimayenda chimodzimodzi, chifukwa makinawo sazindikira mneni wathu. Apa pokha kusamveka kwa chilankhulo chathu kwatipindulira.

Chimene makinawo amadziwa n'chochepa, ndipo tiyenera kuchinena mosabisa. Amadziwa kuti khodi yalowa mu nthambi yaikulu. Sadziwa ngati webusayiti imene anthu akuiona yalandira kusinthako, kapena ngati wodandaula uja wayesa n'kukhutira. Mukabweza pempho loipa ndi batani la `Revert`, nambala imene linatseka sitsegukanso yokha, khadi limakhalabe pa `Done` vuto litabwerera. Kulakwitsa kumapitanso mbali inayo. Pempho lolunjika ku nthambi ina, osati yaikulu, silitseka kanthu ngakhale mutalemba `Fixes` m'mafotokozedwe ake. Ndipo `Fixes #10, #12` imatseka 10 yokha, chifukwa nambala iliyonse imafuna mneni wakewake.

Wina anganene kuti ngati misampha ndi yambiri chonchi, dzanja silili bwino kodi? Ayi. Misampha imeneyi ndi yowerengeka ndipo sisintha malinga ndi tsiku. Munthu amaiphunzira masana amodzi. Ulesi wa Lachinayi usiku ulibe malamulo oti n'kuwaloweza.

Dandaulo limene ndimalimva ndithu ndi langa lomwe. Maola amene ndimathera ndikumvetsera mawu a agogo, kubwereza chiganizo kanayi kuti ndimve ngati anati "anapita" kapena "anapha", sakanasuntha khadi lililonse. Pa bolodi loyenda lokha, amene salemba khodi amaoneka ngati mlendo wodzadya. Yankho langa silinali kupempha kuti bolodi lizimitsidwe. Ndinapempha kuti nthano zotayipidwa zizisungidwa pamodzi ndi khodi, ndipo ndinaphunzira kutsegula pempho langa. Tsopano ndikamaliza nthano, mnzanga amaiwerenga, amaivomereza, khadi langa limasuntha mofanana ndi la wina aliyense.

Nambala 14 tinaitsegulanso n'kuigawa pawiri. Ŵ wa chilembo chimodzi anakhala nambala 21, yomwe tinaitseka nthawi yomweyo popeza inali itakonzedwa kale. Wa kachipewa koima pakokha anakhala 22. Tinagwirizananso kuti wovomereza pempho aziyang'ana kaye mbali ya `Development`, pamene pamaoneka manambala amene pempholo litseke, asanadine `Merge`. Nambala 14 yokhayo palibe pempho lololedwa kuitseka. Ndidzaitseka ine amene ndinaitsegula, ndikadzalemba "awiri" m'bokosi losakira n'kuona nthano ya agogo anga itatuluka.