Dulani imelo, koma tsiku ndi ulemu zitsale

Imelo ya ku ofesi imalembedwa kuti isungidwe. Uthenga wa pa gulu la WhatsApp umalembedwa kuti munthu auwerenge ali m'minibasi, kapena ali pa mzere wogula chipisi, foni ili kudzanja limodzi. Nthawi zambiri sautsegula n'komwe. Amangoona mizere yoyamba imene yaonekera pamwamba pa foni, n'kuganiza pomwepo ngati nkhaniyo ikumukhudza kapena ayi. N'chifukwa chake kukopera imelo yonse n'kuiponya pa gulu sikuthandiza. Anzanu aona moni wautali, aganiza kuti "ndiwerenga kenako", ndipo kenakoyo tonse tikumudziwa.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi, tiyende nacho mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti mumagwira ntchito m'kagulu ka anthu asanu, ndipo ofesi ya zachuma yatumiza imelo iyi. Imelo zoterezi zimakonda kubwera m'Chingerezi, koma kalembedwe kake ndi komweka:

"Okondedwa nonse, ndikhulupirira kuti imeloyi yakupezani muli bwino. Malinga ndi zomwe tinakambirana pa msonkhano wa Lolemba lapitali, komanso potsatira ndondomeko ya kayendetsedwe ka chuma ya bungwe lathu, ndikufuna kukumbutsa onse amene anapita ku ulendo wa ku Mchinji kuti akupemphedwa kupereka malisiti onse a mafuta ndi malo ogona, pamodzi ndi fomu yomwe ili m'munsimu itasainidwa, ku ofesi ya zachuma pasanafike 12 koloko masana Lachinayi likudzali. Chonde dziwani kuti kulephera kutero kuchititsa kuti ndalama za ulendo wotsatira wa ku Ntchisi zisatuluke pa nthawi yake. Ngati pali funso lililonse, musazengereze kundipeza. Ndithokoza chifukwa cha mgwirizano wanu wa nthawi zonse."

Imeloyi ilibe vuto. Ikugwira ntchito yake, ndipo tsiku lina wina akadzakana kuti sanauzidwe, ndi imene idzatsegulidwe. Koma inu mwapatsidwa ntchito yokumbutsa anzanu anayi amene mumadya nawo nkhomaliro tsiku lililonse. Musanalembe chilichonse, iwerengeninso imeloyo mukufunafuna zinthu zomwe zikasowa munthu alakwitsa. Akukhudzidwa ndi amene anapita ku Mchinji, osati aliyense. Chofunika ndi malisiti a mitundu iwiri ndi fomu yosainidwa. Kokapereka ndi ku ofesi ya zachuma, nthawi yake ndi Lachinayi pasanafike 12 koloko, ndipo mukachedwa ndalama za ku Ntchisi zichedwa. Zina zonsezo, za msonkhano wa Lolemba, za ndondomeko ya bungwe, za kusazengereza, ndi zovala za imelo. Anzanuwo anali nawo pa msonkhanowo, simukufunika kuwakumbutsa kuti unachitika.

Uthenga wake ukhoza kukhala uwu:

"Mwadzuka bwanji anzanga? Amene tinapita ku Mchinji, tikapereke malisiti a mafuta ndi ogona, ndi fomu yosaina, ku ofesi ya zachuma pasanafike Lachinayi 12 koloko masana. Tikachedwa, ndalama za ku Ntchisi zichedwanso. Fomu ndi iyi, zambiri zili mu imelo ya lero. Mukapereka mundiuzeko pano. Zikomo."

Onani kuti moni sunachoke. Pali ena amene amaganiza kuti kufupikitsa n'kuyamba ndi lamulo, koma kwathu kuno munthu amene wakulankhula asanakupatse moni wayamba kale ndi ngongole. Chomwe chasintha n'chakuti moniwo uli mu uthenga womwewo pamodzi ndi nkhani. Chizolowezi cholemba "Mwadzuka bwanji?" n'kudikira kuti ayankhe kaye chimadya theka la m'mawa, ndipo pa gulu chimabweretsa mayankho anayi a "tadzuka" nkhani yeniyeni isanatuluke. Mzere umodzi wa moni, kenako nkhani pomwepo, kuti mawu akuti "Mchinji" ndi "malisiti" aoneke pamwamba pa foni munthu asanatsegule.

Tsopano pomwe anthu ambiri amagwera. Pofupikitsa, timasintha mawu, ndipo mawu ena akasinthidwa amasintha ntchito yonse. Imelo ija inati malisiti aperekedwe ku ofesi ya zachuma. Mukalemba kuti "tumizani malisiti", mwalemba zazifupi ndithu, koma pa WhatsApp mawu akuti "tumizani" amamveka ngati "jambulani muponye pano". Lachinayi likafika mudzapeza zithunzi za malisiti zadzaza gulu, pomwe akauntanti akufuna mapepala enieniwo pa tebulo pake. Kamawu kakuti "ka" mu "tikapereke" n'kamene kakuuza munthu kuti adzuke apite. Chimodzimodzi ndi nthawi. Mukangoti "Lachinayi", wina adzabwera 4 koloko madzulo, ndipo sadzakhala atalakwa malinga ndi zomwe munalemba. Mukati "mawa", amene bandulo yake inatha n'kuwerenga uthengawo tsiku lotsatira adzawerengera mawa lake. Mawu ngati "posachedwa" ndi "mwamsanga" ndiye ayi, aliyense ali ndi msanga wake. Tchulani tsiku ndi ola monga zilili mu imelo, ndipo ngati mukufuna kuti zioneke bwino, ikani nyenyezi uku ndi uku, chonchi:

```
*Lachinayi 12 koloko masana*
```

WhatsApp imaonetsa mawuwo ali akuda kwambiri, ndipo diso limafikira pomwepo. Chitani zimenezi pa chinthu chimodzi chokha. Uthenga wonse ukakhala wakuda, kapena wa zilembo zazikulu, umamveka ngati mukukalipa.

Palinso kukokomeza. Imelo inati ndalama sizituluka pa nthawi yake. Wofupikitsa wofuna kuti anzake achite mantha amalemba kuti "osapereka salandira alawansi". Amenewo ndi mawu ena, ndipo si inu amene muli ndi mphamvu yowanena. Uthenga wa pa gulu umajambulidwa n'kutumizidwa kwina mosavuta. Ukafika kwa a zachuma, funso likhala lakuti ndani ananena zimenezo. Fupikitsani zomwe zinalembedwa, osawonjezera tsabola.

Nanga ulemu umapita kuti mukachotsa "okondedwa nonse" ndi "ndithokoza chifukwa cha mgwirizano wanu"? Apa ndi pamene Chichewa chimatikomera, chifukwa ulemu wathu umakhala m'kati mwa mawu ochitawo. Taonani mawu amodzi omwewo. "Pereka" ndi wa mwana kapena mnzako wa pa mtima, ndipo pa gulu la ntchito ngakhale mnzako wa pa mtimayo samasangalala kuuzidwa choncho anthu akuona. "Perekani" ndi waulemu, koma ndi lamulo, amayenera bwana. "Taperekani" ali ndi kakutopa m'kati, ngati munanena kale kawiri. "Mupereke" wafewa. "Muperekeko" wafewa kwambiri, mwina mopitirira, chifukwa "ko" ameneyo akhoza kumveka ngati ngakhale malisiti ochepa akwana. "Mungapereke?" ndi funso, ndipo funso limalola munthu kuyankha kuti ayi. Pa nkhani ya tsiku lomaliza lomwe silisuntha, musafunse.

Ine ndimakonda "tikapereke", bola ngati nanunso munali pa ulendowo. Amasonyeza kuti katunduyo mwasenza limodzi, ndipo inu simukudziyesa bwana wa anzanu amene muli nawo pa mlingo umodzi. Ngati simunapite nawo, musanamizire. "Mukapereke" akwana, n'kuwonjezera "chonde" kamodzi. "Ko" uja musungireni pempho laling'ono lomwe ndi lanu, monga "mundiuzeko pano". Pamenepo kufewa n'koyenera, chifukwa kukuuzani si lamulo la ofesi, ndi chithandizo chomwe mukuwapempha.

Mawu akuti "akupemphedwa" nawonso achoke. Mu imelo amathandiza kuti lamulo lioneke ngati la bungwe osati la munthu. Pa gulu la anthu asanu amamveka ngati chilengezo cha pa wailesi, ndipo aliyense amaganiza kuti wopemphedwayo ndi mnzake. Ngati pali ntchito ya munthu mmodzi, monga kusonkhanitsa mafomu onse, mutchuleni dzina polemba @ kutsogolo kwake kuti foni yake imudziwitse. Koma kutchula dzina pogawa ntchito n'kosiyana ndi kutchula dzina poyalutsa. Lachitatu madzulo mukaona kuti awiri sanapereke, musalembe maina awo pa gulu. Alembereni aliyense payekha: "Asisi, malisiti aja ndi mawa lino Lachinayi pasanafike 12, mwakwanitsa kusaina fomu?" Mwina mupeza kuti lisiti la mafuta linatayika, ndipo imeneyo ndi nkhani yomwe munthu sangaulule anthu onse akuwerenga.

Za kuchezeka, muyezo wake ndi mmene mumalankhulira mukakumana pa khonde la ofesi. Ngati mumatchulana "achimwene", "asisi" kapena "aise", lembani choncho. Ngati pa gulupo pali wamkulu amene mumamutchula "bwana" kapena "amayi", uthenga wonse ukwere pang'ono kuti umukwane iyeyo. Kachizindikiro kamodzi komwetulira kumapeto sikalakwika. Nthabwala pa chiganizo chomwe chili ndi tsiku lomaliza ndi imene imawononga, chifukwa anthu amayankha nthabwalayo n'kuiwala tsikulo. Uthenga wa mawu ojambula nawo ndi wokoma pocheza, koma Lachinayi m'mawa palibe amene angafune kumveranso mphindi ziwiri zonse kuti apeze ola. Zimene munthu adzafune kuyang'ananso, zilembeni.

Chiganizo chakuti "zambiri zili mu imelo ya lero" chimaoneka ngati chongowonjezera, koma ndi chimene chimakutetezani. Chikunena kuti uthenga wanu ndi chikumbutso, mwini nkhani ndi imelo. Fomuyo muitumize ngati Document, osati kuijambula pa kompyuta ndi kamera ya foni, kuti anzanu athe kuisindikiza ikuwerengeka. Mukazindikira kuti mwalakwitsa ola mutatumiza kale, WhatsApp imalola kukonza uthenga m'mphindi 15 zoyambirira. Koma amene anawerenga kale sadziwitsidwa kuti mwasintha, choncho lembaninso kamzere kena konena kuti ola lolondola ndi ili.

Mudzadziwa kuti mwadula kwambiri poona mayankho. Mukalemba kuti "Malisiti Lachinayi" basi, pakangopita kanthawi mafunso ayamba: ati, a ulendo uti, tipereke kwa ndani, fomu ija ikufunikanso? Mafunso anayiwo ndi zinthu zinayi zomwe munataya, ndipo mukamawayankha limodzilimodzi nkhani imabalalika m'mauthenga khumi, wobwera mochedwa n'kulephera kuilumikiza. Mukasiya mawu ambiri, chizindikiro chake ndi chete, kapena tizala toloza m'mwamba tochokera kwa anthu amene mukudziwa kuti sanafike kumapeto. Uthenga ukakhala pa muyezo, mayankho amakhala a ntchitoyo: "ndapereka", "ndikapereka mawa m'mawa", "lisiti langa la ogona lili ndi dalaivala". Yankho lachitatuli ndi limene mumafuna kulimva Lachiwiri, dalaivalayo asananyamuke ulendo wina.