Onani kaye bilu musanagwade

Ambirife tikalephera kulipira kuchipatala timathamangira kugwada. Ine ndikuti yambani mwafunsa kuti ndalamazo n'zachiyani.

Mayi anga atatulutsidwa m'chipatala china cha mishoni, kalaliki anandipatsa kapepala kongolembedwa K96,000. Ndinati, "Bambo, tandilemberani chilichonse pachokha: bedi, mankhwala, diripi, kuyeza magazi." Anakwinya nkhope, komabe analemba. Bedi anawerengera masiku asanu, chonsecho buku la mayi linkaonetsa anayi. K8,000 inachoka pomwepo.

Kenaka ndinalembera mkulu woyendetsa chipatalacho, n'kuphatikizapo kalata ya amfumu yotsimikiza kuti mayi amangodalira kadimba. Sindinapemphe zaulere ayi. Ndinati mankhwala ndilipira onse, atichepetsere za bedi. Anadulapo theka, n'kulola kuti zotsalazo ndilipire pamiyezi itatu.