Mphindi ziwiri sizidzadza ndi zoloweza

Mayeso a Chingerezi a MSCE amene bungwe la MANEB limapereka ndi olemba. Mwana akhoza kuchoka Fomu 1 mpaka kumaliza Fomu 4, n'kukhoza bwino, asanayankhulepo Chingerezi kwa mphindi ziwiri zathunthu pamaso pa munthu. Vuto limaonekera patsogolo, pamene wapeza mwayi wa sukulu kapena ntchito kunja, n'kumuuza kuti ayambe walemba mayeso a IELTS. Ife tikuti luso limeneli lizikonzedwa konkuno ku Mpingu, m'kalasi, ndipo njira yake isakhale yoloweza.

Tiyambe ndi mmene mayesowa amayendera, chifukwa mantha ambiri amabwera posadziwa zimene zili m'chipindamo. IELTS inayamba mu 1989, ndipo m'dziko muno amayendetsa ndi a British Council mumzinda wa Lilongwe. Chigawo choyankhula chimatenga mphindi 11 mpaka 14. Mumakhala awiri, inu ndi woyesa, ndipo mawu anu amajambulidwa. Poyamba amakufunsani timafunso ta kwanu, sukulu ndi zimene mumakonda. Kenako amakupatsani khadi lolembedwa mutu umodzi ndi mfundo zoti mukhudze, pensulo ndi pepala. Muli ndi mphindi imodzi yokonzekera. Ikatha, mumayankhula nokha kwa mphindi imodzi kufika ziwiri, woyesa ali chete, mpaka atakuimitsani. Pomaliza mumakambirana nkhani zokulirapo zogwirizana ndi mutu womwewo.

Malangizo amati mphindi imodzi kufika ziwiri, koma ife timalangiza kuti muziyankhulabe mpaka akuimitseni. Chifukwa chake n'chakuti woyesa amapereka malikisi pa zimene wamva basi. Amayang'ana zinthu zinayi zofanana kulemera kwake: kuyankhula mosadodoma ndi momveka dongosolo, kuchuluka kwa mawu amene mukudziwa, galamala, ndi katchulidwe. Chilichonse chili ndi mlingo wofika 9. Mukatha mawu pa masekondi 50, mwamupatsa zochepa zoti aweruzirepo. Akakudulani pakati pa chiganizo musadandaule, ndiye kuti nthawi mwaidzaza.

Nanga mphindi ziwiri n'zazitali bwanji? Munthu woyankhula Chingerezi modekha amatchula mawu pafupifupi 120 mpaka 150 pa mphindi. Ndiye kuti pakufunika mawu 240 mpaka 300, kapena tinene ziganizo pafupifupi 20. Khadi nthawi zambiri limakhala ndi mfundo zitatu ndi yachinayi yofunsa chifukwa. Wophunzira wosakonzekera amayankha mfundo iliyonse ndi chiganizo chimodzi, ngati akulemba mayeso a mayankho afupiafupi. Ziganizo zinayi zimatha pasanakwane masekondi 30, ndipo zotsala zimakhala kuyang'ana kudenga.

Khalidwe limeneli silichokera ku ulesi. Kwathu kuno mwana amaphunzitsidwa kuti wamkulu akafunsa, ayankhe mwachidule, motsitsa mawu, maso ali pansi. Umenewo ndi ulemu ndipo sitikuunyoza. Koma m'chipinda cha mayeso wamkuluyo wapempha yekha kuti mutambasule nkhani. Pamenepo ulemu ndi kuchita zimene wapemphazo, mokweza mawu kuti amve.

Ndiye ena amaganiza kuti mankhwala ake ndi kuloweza. Amasonkhanitsa mayankho a mitu yambiri, n'kumawabwereza usiku ngati mmene amachitira ndi manotsi a Bayoloje. Tikumvetsa chimene chimawakopa, poti ana athu kuloweza amakutha. Koma njirayi ili ndi mavuto atatu. Loyamba, mutu simusankha ndinu. Mukaloweza za ulendo n'kupatsidwa khadi la mphatso, mumayamba kukokera nkhani kumene sikukufunika. Lachiwiri, zoloweza zimamveka. Liwiro limakwera mwadzidzidzi, mawu amatuluka opanda kukwera ndi kutsika, ndipo munthu amene amavutika ndi timafunso toyamba tija amayamba kutchula mawu akuluakulu a m'mabuku. Oyesa anaphunzitsidwa kuzindikira zimenezi, ndipo zoloweza siziwasonyeza Chingerezi chanu chenicheni. Lachitatu, zoloweza zili ngati mkanda wa pa ulusi umodzi: liwu limodzi likaiwalika, zonse zimamwazika.

Chimene chimadzaza mphindi ziwiri ndi nkhani imodzi yeniyeni imene mukuidziwa bwino. Tiyeni tione chitsanzo. Tiyerekeze kuti khadi, limene limakhala m'Chingerezi, likuti mufotokoze msika umene mumakonda kupitako, munene kumene uli, nthawi imene mumapitako, zimene zimagulitsidwa, ndi chifukwa chake mumaukonda.

M'masekondi khumi oyamba sankhani msika, osasinthanso. Ambiri amataya theka la mphindi yawo posinkhasinkha za sitolo yaikulu ya m'tauni imene analowamo kamodzi, poganiza kuti yapamudzi ndi yochititsa manyazi. Woyesa sapereka malikisi pa kukongola kwa malo. Msika wa pa Mpingu mumaudziwa mpaka fungo lake, tengani umenewo. M'masekondi otsalawo musalembe ziganizo, chifukwa mudzangotha ziwiri nthawi n'kutha. Lembani mawu okumbutsa asanu ndi atatu kapena khumi, motsika mmunsi: msewu wa Mchinji, kabaza, Loweruka, agogo, tomato, usipa, kaunjika, kunenerera, mvula.

Tsopano gawani masekondi 120 aja. Kumene msika uli, masekondi 20: uli m'mbali mwa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji, kwanu n'kutali bwanji, mumayenda wapansi kapena pa kabaza. Nthawi imene mumapitako, masekondi 20: kawirikawiri Loweruka m'mawa, agogo akakutumani, ndipo nthawi yokolola mumapita pafupipafupi. Zogulitsidwa, masekondi 30: musangotchula mndandanda, nenani mmene tomato amaunjikira timilu, kumene kumakhala a nsomba, ndi mmene mitengo imasinthira dzinja likafika. Masekondi 50 otsala ndi a chifukwa, ndipo apa ndi pamene pamafunika kankhani ka tsiku limodzi. Mwachitsanzo, tsiku limene munanenerera jekete ya pa kaunjika mpaka wogulitsa anaseka n'kutsitsa mtengo, kenako mvula inagwa, nonse n'kuthawira pakhonde la sitolo.

Kankhani kotere kamathandiza pawiri. Kamayenda kokha, popeza chochitika chimodzi chimaitana chinzake ndipo simufunika kuganiza kuti ndinene chiyani tsopano. Komanso kamakukakamizani kusintha nthawi ya aneni: munayamba ndi zimene zimachitika masiku onse, tsopano mukukamba zakale. Woyesa amamva kuti galamala yanu ili ndi mbali zingapo. Mukaona kuti mwatha koma sanakuimitseni, makomo ena awiri alipo. Yerekezani msikawu ndi wina, monga wa pa Namitete kapena wa m'tauni, kapena nenani mmene mukufunira utasinthira m'tsogolo.

Pali malo atatu amene ife oyankhula Chichewa timapunthwa kwambiri. Oyamba ndi mawu opanda mnzake m'Chingerezi. Mwana akafika pa kabaza, kaunjika kapena ganyu amaima n'kumasakasaka liwu limodzi limene palibe. Musaime. Litchuleni momwemo, kenako lifotokozeni: njinga imene munthu amakunyamulirapo ukamulipira. Kufotokoza chinthu m'mawu ena ndi luso limene amapatsirapo malikisi, ndipo kwakupatsani masekondi ena asanu. Achiwiri ndi kusokoneza mwamuna ndi mkazi. Ife timangoti iye, pamene Chingerezi chili ndi mawu awiri, ndiye agogo aakazi amasanduka aamuna pakati pa nkhani, womvera n'kusokonezeka. Achitatu ndi kudzikonza kosatha. Kukonza liwu kamodzi n'kupitirira palibe vuto, koma kuyambiranso chiganizo katatu kumawononga kuposa cholakwa chimene mumafuna kukonzacho.

Tinenenso kuti kuyankhula osaima sikutanthauza kuyankhula osapuma. Kupuma pang'ono pakutha pa ganizo n'kwachibadwa, ndipo kumathandiza womvera. Kumene kumatsitsa malikisi ndi kuima pakati pa chiganizo posaka liwu, ndi "eee" wautali uja. Mukadzijambula pa foni n'kumvetsera, werengani malo amene mwaima ndipo muone ngati ali kumapeto kwa ganizo kapena pakati. Akachuluka apakati, vuto ndi mawu, osati mantha.

Pempho lathu kwa aphunzitsi anzathu n'lakuti tipatule mphindi zisanu ndi imodzi pa phunziro la Chingerezi, kawiri pa sabata. Mphunzitsi alembe mutu ndi mfundo zake pa bolodi, ophunzira akhale awiriawiri. Mphindi imodzi yokonzekera, ziwiri woyamba ayankhule mnzake akumvetsera osamudula. Kenako mutu wina, wachiwiri achite chimodzimodzi. Kaya kalasi ili ndi ana 60, aliyense wayankhula, ndipo chofunika ndi wotchi imodzi yokha. Mu kalabu ya mtsutso mukhoza kuwonjezera njira yotchedwa 4/3/2, imene katswiri wa kaphunzitsidwe ka zinenero Paul Nation anaifufuza mu 1989. Wophunzira amakamba nkhani imodzi katatu kwa anthu atatu osiyana: kwa mphindi zinayi, kenako zitatu, kenako ziwiri. Sikuloweza, chifukwa nthawi ikamachepa amakakamizika kuikonzanso nkhaniyo, ndipo kudodoma kumachepa.

Tikudziwa zimene ena anene. Silabasi ndi yaitali, MANEB sidzafunsa zimenezi, ndipo ana athu ambiri sadzalemba IELTS, imene mtengo wakenso ndi wokwera. Zonsezi n'zoona. Anenanso kuti kalasi yonse ikamayankhula nthawi imodzi padzakhala phokoso, ndipo mphunzitsi sangamve zolakwa za aliyense. Izinso n'zoona, ndipo n'chifukwa chake njirayi singalowe m'malo mwa phunziro la galamala. Koma mphindi khumi ndi ziwiri pa sabata sizingagwetse silabasi. Ntchito yosankha nkhani msanga, kulemba mawu okumbutsa ndi kutambasula mfundo ndi yomweyo imene mwana amachita polemba chimangirizo pa MSCE. Ndipo amene sadzaona khadi la IELTS adzakhalabe tsiku lina pamaso pa anthu omufunsa mafunso a ntchito, akumuuza kuti afotokoze za iye mwini.

Makolo, inunso muli ndi gawo ngakhale Chingerezi simuchidziwa. Madzulo mupatseni mwana mutu, monga munda wanu kapena ukwati umene munapitako, agwire wotchi m'bale wake, ayankhule mphindi ziwiri m'Chichewa. Akatha mawu msanga m'chinenero chake, mudziwa kuti chikusowa ndi kamangidwe ka nkhani, osati Chingerezi. Akakwanitsa, mawa lake akambe nkhani yomweyo m'Chingerezi, inu muzingoyang'ana wotchi.